Kodi makina a magemu amadya mayunitsi angati pamwezi?

Wati ndi yunitsi zimasiyana bwanji?

Wati ndi muyeso wa magetsi amene chipangizo chikukoka pa nthawi imene chayaka, pomwe yunitsi imene timagula ku ESCOM ndi muyeso wa magetsi amene agwiritsidwa kale ntchito. Chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka kwa ola lathunthu chimatha yunitsi imodzi, imene pa mita imalembedwa kuti kWh. Cha mawati 200 chimafuna maola asanu kuti chithe yunitsi yomweyo. Choncho pamafunika kudziwa zinthu ziwiri, mawati ndi maola, ndipo masamu ake ndi awa:

```
kWh = W × maola × masiku ÷ 1000
```

Nambala yolembedwa pa makina

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. PlayStation 5 yoyamba, ya mu 2020, inalembedwa kuti 350 W, koma posewera gemu yolemera imakoka mawati pafupifupi 200. Nambala yolembedwayo ndi malire a zimene makinawo angakoke atapanikizika kwambiri, monga mmene lole ya matani khumi siyenda yodzaza tsiku lililonse. N'chimodzimodzi ndi kompyuta: bokosi lake logawa magetsi likalembedwa 650 W, sindiye kuti imadya mawati 650 nthawi zonse. Imakoka zimene ziwalo zake zikufuna pa nthawiyo, ndipo chiwalo chadyera kwambiri ndi khadi yopanga zithunzi. Mwachitsanzo, khadi ya RTX 4060 payokha imafika mawati 115. Kompyuta yomweyo, munthu akamangolembapo kalata, imadya pang'ono kwambiri.

Chitsanzo cha mwezi umodzi

Tiyerekeze kuti mwana amasewera PlayStation 5 maola atatu tsiku lililonse akaweruka kusukulu. Makinawo sayenda okha, amafuna wailesi yakanema, ndiye tiwonjezere mawati 80 a kanemayo kuti onse pamodzi akhale 280. Tikachulukitsa 280 ndi maola 3 komanso masiku 30, n'kugawa ndi 1,000, tipeza mayunitsi 25.2. Mtengo wa yunitsi musauyerekeze pamtima, poti umasintha. Tengani lisiti kapena uthenga wa pafoni wa mayunitsi amene munagula komaliza, mugawe ndalama zimene munalipira ndi mayunitsi amene munalandira. Mukatero ndiye kuti msonkho walowa kale m'masamuwo. Ngati munalipira K10,000 n'kulandira mayunitsi 80, yunitsi imodzi ndi K125, ndipo magemuwo akuwonjezera K3,150 pamwezi. Dziwani kuti ngati mwanayo akanaonerabe kanema maola omwewo, gawo la gemu palokha ndi mayunitsi 18 okha.

Kodi mita ingathandize kuyeza?

Inde, ndipo njira imeneyi imaposa kuyerekeza. Mita zambiri zili ndi kanyali kofiira kamene kamaphethira, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala monga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira ka 1,000 yunitsi imodzi yatha. Zimitsani zonse m'nyumba, kuphatikizapo firiji, muyatse makinawo ndi kanema, ndipo gemu ikhale ikuseweredwa ndithu, osati itangoima pa tsamba loyambira. Werengani masekondi pakati pa kuphethira kuwiri, kenako mugawe 3,600 ndi masekondiwo. Masekondi 18 ndiye kuti mawati 200. Masekondi 13 ndi mawati pafupifupi 280. Ngati pa mita yanu palembedwa 2000 m'malo mwa 1000, yankho mwapezalo muligawe pawiri. Mukapeza nambala yaikulu modabwitsa, kapena kuphethirako kukafulumira mwadzidzidzi, fufuzani kaye: kawirikawiri pamakhala giza kapena firiji imene yaiwalika ili choyaka.

Magetsi otha makina atagona

Makina ambiri akazimitsidwa sazimiratu, amangogona kuti adzadzuke msanga komanso azitsitsa okha zosintha za magemu. Xbox Series X ikasiyidwa pa `Sleep` imakoka mawati apakati pa 10 ndi 15, koma pa `Shutdown` imakoka theka la wati basi. Mawati 13 amaoneka ochepa mpaka mutawerengera kuti amakokedwa maola 21 otsalawo tsiku ndi tsiku: pamwezi ndi mayunitsi opitirira 8, amene pa mtengo wa chitsanzo chathu ndi ndalama zoposa K1,000 popanda wina kugwira n'komwe kowongolera. Ndalama zimenezi n'zongotayika, ndipo kuzipulumutsa sikulanda mwana ngakhale mphindi imodzi yosewera. Pa Xbox, lowani pa `Settings`, kenako `General`, mupeze `Power options`, musankhe `Shutdown`.