Kuzondotsa nkhani yaitali kuti chigamulo chikhale pamwamba

Pa 3 February 2020, majaji asanu a khothi loona za malamulo oyendetsera dziko anakhala pansi ku Lilongwe n'kuyamba kuwerenga chigamulo cha mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019. Chikalatacho chinali cha masamba pafupifupi 500, ndipo kuwerenga kunayamba m'mawa mpaka kunja kunada. Mawu amene dziko lonse linkadikira, akuti chisankho chafafanizidwa, anamveka kumapeto kwenikweni.

Tiyerekeze kuti mtolankhani wina anali m'khothimo ndipo walemba zonse monga zinachitikira. Wayamba ndi asilikali amene anazungulira malowo, kenako kufika kwa majaji, kenako mbiri ya mlandu, umboni wa mbali zonse, ndipo chigamulo chili m'ndime ya 25. Nkhani yake ili ndi mawu 1,200, koma malo amene atsala patsamba ndi a mawu 500. Palibe bodza m'zimene walemba. Vuto ndi lakuti munthu wogula nyuzipepala pa depoti sangafike ndime ya 25 minibasi isanadzaze. Ntchito ya mkonzi ndi kuizondotsa nkhaniyo.

Atolankhani amatcha kalembedwe kameneka piramidi yozondoka. Ganizirani mulu wa tomato pamsika, wotambalala pansi, wosongoka pamwamba, kenako muuzondotse. Zolemera zonse zikhale pamwamba, ndipo nkhani izipepuka pamene ikutsika, kuti ngati malo achepa mkonzi angodula kumunsi popanda kutaya mfundo yaikulu.

Mkonzi wabwino sayamba ndi kudula. Amawerenga nkhani yonse mpaka kumapeto, pensulo ili m'manja, akufunafuna chinthu chimodzi: n'chiyani chasintha lero chimene dzulo panalibe? Kufika kwa majaji si kusintha. Za tipeksi amene anapakidwa pa mapepala a zotsatira anthu anazimva kwa miyezi. Chatsopano n'chakuti kupambana kwa a Peter Mutharika kwafafanizidwa ndipo dziko livotanso pasanathe masiku 150. Imeneyo ndiyo ndime yoyamba, ndipo ikhoza kulembedwa motere:

Khothi loona za malamulo oyendetsera dziko dzulo linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019, n'kulamula kuti chisankho china chichitike pasanathe masiku 150.

Mawu ake sakufika 30, koma ayankha kuti ndani wachita, wachita chiyani, liti, ndiponso chotsatira n'chiyani. Ophunzira utolankhani amauzidwa za mafunso asanu ndi limodzi: ndani, chiyani, liti, kuti, chifukwa chiyani, motani. Ambiri amalakwitsa poganiza kuti onsewo ayenera kupanikizidwa m'chiganizo chimodzi. Mukathiramo mayina a majaji onse asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo, wowerenga afika pa mawu akuti "linafafaniza" atatheratu mpweya. Mayinawo ndi ofunika, koma malo awo ndi m'munsi. Chifukwa chake chilowe m'ndime yachiwiri: khothi lapeza kuti zolakwika pa kayendetsedwe ka chisankho zinali zochuluka kwambiri moti zotsatira zake sizingadaliridwe.

Zotsalazo mkonzi amazisanja polemba manambala m'mphepete mwa pepala. Apa ndi pamene akonzi awiri akhoza kukangana mpaka tiyi kuzizira. Kodi chachitatu chikhale chakuti a Mutharika apitiriza kulamulira mpaka chisankho chatsopano, koma a Saulos Chilima abwerera pa mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti m'malo mwa a Everton Chimulirenji? Kapena chikhale chakuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la onse? Ine ndingayambe ndi funso lakuti akulamula dziko ndani, chifukwa ndi limene munthu amafunsa akangomva kuti chisankho chafafanizidwa. Za mavoti oposa theka zibwere pambuyo pake, pamodzi ndi manambala amene amazipatsa tanthauzo: a Mutharika analengezedwa opambana ndi mavoti 38.57 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera anapeza 35.41, a Chilima 20.24. Mbiri ya mlandu ndi za asilikali aja zipite pansi penipeni.

Kusuntha ndime kuli ndi misampha yake, ndipo nkhani zambiri zimawonongekera pamenepa. Ndime imene inali ya 18 ikakwera kukhala yachitatu imabwera ndi mawu ngati "iye anati" kapena "zitatero", pamene munthu ndi chochitika chimene akuloza zatsalira m'munsi. Dzina lonse la munthu ndi udindo wake ziyenera kusamukira pamene akutchulidwa koyamba m'nkhani yatsopanoyo. Msampha woopsa kwambiri ndi wosokoneza zimene odandaula ananena ndi zimene khothi linapeza. M'nkhani yoyamba ija, madandaulo a a Chilima ndi a Chakwera anali ndi chiganizo chowatsogolera chonena kuti awa ndi madandaulo. Mukadula chiganizocho n'kukweza ndimeyo, dandaulo limaoneka ngati chigamulo.

Timitu ta m'kati timabwera nkhani itasanjidwa kale. Mu nkhani ya mawu 500, tiwiri kapena titatu takwana. Kamutu kakuti "Mbiri" kapena "Zina" sikauza munthu kalikonse. Kakuti "A Chilima abwerera pa mpando" kapena "Wopambana apeze oposa theka" kamathandiza ngakhale munthu amene akungoyendetsa maso patsamba. Kamutu kasakhale pamwamba pa ndime yomaliza yokha, chifukwa ndimeyo ikadulidwa kamatsala kali lendelende popanda kanthu pansi pake.

Mutu waukulu umalembedwa pomaliza, ngakhale ndi umene umawerengedwa poyamba. Umachokera m'ndime yoyamba, ndipo uyenera kukhala ndi wochita ndi chochita. "Chigamulo cha mlandu wa chisankho" ndi dzina chabe la nkhani. "Khothi lafafaniza chisankho" ndi mutu. Mawu a Chichewa amakonda kutalika, ndiye pamakhala chiyeso chofupikitsa mpaka kunama. "Khothi lachotsa Mutharika" ndi mutu waufupi, wogulitsa nyuzipepala, koma wabodza, pakuti mkuluyo anakhalabe pa mpando mpaka chisankho cha pa 23 June 2020. Mutu usanene chimene nkhani sikunena.

Kuti mudziwe ngati ntchito yatheka, phimbani ndime yomaliza ndi dzanja n'kuwerenga zotsala. Kenako phimbani ziwiri, zitatu, mukukwera. Ngati pena paliponse nkhani yasiya kumveka, kapena mfundo yaikulu yaphimbika pamene za asilikali zikuonekabe, ndiye kuti ndime ina yakhala pamalo posayenera.

Pali chinthu chimodzi chimene sichiyenera kuikidwa kumunsi kumene lumo limadutsa: yankho la mbali imene yagonja. Ngati a Mutharika kapena bungwe loyendetsa zisankho la MEC alankhulapo, mawu awo akwere m'ndime zisanu zoyambirira. Pa mlandu umenewu onse awiri anachita apilo, ndipo khothi lalikulu la Supreme linagwirizana ndi chigamulo choyamba pa 8 May 2020. Tsiku limenelo mkonzi anayenera kusanjanso: chigamulo cha February, chimene chinali ndime yoyamba, chinatsikira m'munsi kukhala mbiri ya mlandu.