Mmene K1 miliyoni imakwanira K5 miliyoni m'mabanki

Ndalama zomwe munthu wasungitsa kubanki sizimangogona kudikira mwiniwake. Banki imasungako gawo lochepa, zotsalazo n'kukongoza anthu ena. Kukula kwa gawo losungidwalo imalamula ndi banki yaikulu ya dziko, ndipo ndi gawo limeneli lomwe limaika malire a ndalama zimene mabanki angachulukitse.

Tiyerekeze kuti lamulo likuti mabanki azisunga 20 peresenti. Mlimi wagulitsa soya ndipo waika K1,000,000 kubanki. Banki isunga K200,000 n'kukongoza K800,000 kwa mwini golosale. Iyeyu alipira amene amamuoda katundu, ndipo wolandirayo akaika ndalamazo kubanki yake. Banki yachiwiriyi isunga K160,000 n'kukongoza K640,000. Mlimi uja akadali ndi K1,000,000 mu akaunti yake, koma tsopano anthu ena nawonso ali ndi ndalama m'maakaunti awo. Ngongole iliyonse ikubereka ndalama yosungitsa yatsopano, yocheperako ulendo uliwonse, mpaka zokongoza zitatheratu.

Pamayeso palibe chifukwa chowonkhetsera maulendo onsewo. Nambala yochulukitsira imapezeka motere:

```
m = 1 / r
```

Apa r ndi gawo losungidwa lija. 20 peresenti ndi 0.2, choncho 1 kugawa ndi 0.2 yankho ndi 5. Ophunzira ambiri amagawa 1 ndi 20 n'kupeza 0.05. Yankho lochepera 1 ndi chizindikiro choti peresenti sinasinthidwe, chifukwa nambala yotere ingachepetse ndalama m'malo mozichulukitsa. Onaninso kuti r akakwera, m amatsika: pa 25 peresenti yankho ndi 4, pa 10 peresenti ndi 10.

Pomwe malikisi amatayikira kwambiri ndi pakamvedwe ka funso. Likafunsa ndalama zonse zosungitsidwa m'mabanki, chulukitsani K1,000,000 ndi 5, mupeza K5,000,000. Likafunsa ndalama zatsopano zomwe zawonjezereka m'dziko, chotsanipo K1,000,000 ya mlimi, chifukwa inalipo kale ali nayo m'thumba. Yankho ndi K4,000,000. Koma ngati K1,000,000 yoyambayo yachokera kubanki yaikulu, mwachitsanzo pogula zikalata za ngongole ya boma, ndalamayo ndi yatsopano, ndiye K5,000,000 yonse iwerengedwe.

Nambala ya 5 ija ndi malire apamwamba chabe. Imatheka pokhapokha banki iliyonse itakongoza zonse zomwe lamulo likulola, ndiponso aliyense wolandira ndalama atazibwezera kubanki. Kumene anthu amagula ndi kugulitsa ndi ndalama zapamanja, monga m'misika yathu, gawo lina silibwerera kubanki. Nawo mabanki akamaopa kuti okongola sabweza, amasunga zoposa zomwe alamulidwa. N'chifukwa chake mafunso ambiri amanena kuti palibe ndalama yotsalira m'manja mwa anthu kapena yosungidwa mopyola lamulo. Mukaona mawu amenewo, `1 / r` ndi yokwanira.