Zimene wosiya ntchito amalembera womulowa m'malo

Wolemba mapulogalamu a kompyuta akamasiya ntchito, makiyi a ofesi amabweza mosavuta, koma zimene wadziwa pa ntchitoyo amapita nazo. N'chifukwa chake amayenera kusiyira womulowa m'malo kalata yofotokoza zovuta za API, njira imene pulogalamu imodzi imatumizira pempho kwa inzake n'kulandira yankho.

Titenge sitolo ya pa intaneti imene imalandira ndalama kudzera ku Stripe, kampani yothandiza amalonda kulipiritsa anthu pa makhadi a banki. Yankho lililonse limabwera ndi nambala. Ikakhala 200 ndiye kuti zatheka, 402 imabwera khadi likakanidwa, pomwe 429 ikutanthauza kuti mapempho achuluka, uyambe wadikira. Izi Stripe inalemba kale m'malangizo ake, ndipo kalata yongokopera zimenezi n'njotaya nthawi.

Mutu umakula pamene yankho silinabwere n'komwe. Kasitomala wadina batani lolipirira, pempho lapita, kenako netiweki yaduka. Ndalama zachotsedwa kapena ayi? Pulogalamu ya sitoloyo sidziwa. Ikangotumizanso pempho mwachimbulimbuli, munthu akhoza kulipira kawiri katundu mmodzi, ndipo zimadziwika pokhapokha akadandaula kapena owerengera ndalama akapeza malipiro awiri ofanana pa oda imodzi. Mankhwala ake ndi kuika chizindikiro pa pempholo:

```
Idempotency-Key: oda-5821
```

Stripe imasunga yankho la pempho loyamba lokhala ndi chizindikirochi. Likabweranso lina la chizindikiro chomwecho, imangobweza yankho lakale lija osachotsanso ndalama. Koma pali misampha iwiri imene kalata iyenera kutchula. Chizindikirocho chikhoza kufufutidwa pakatha maola 24, choncho wobwereza pempho mkuja ayambe wafufuza ngati ndalama zinalowa kale. Komanso yankho losungidwalo likakhala 500, kusonyeza kuti zinasokonekera kwa Stripe komweko, kubwereza ndi chizindikiro chomwecho kumangobweretsa 500 yemweyo.

Kwa ine, kalata yabwino imaoneka ikamafotokoza chifukwa cha mizere yooneka yachilendo m'pulogalamu. Wobwera kumene amakonda kusesa, ndipo chimene sakuchimvetsa amachiyesa chinyalala. Mwachitsanzo, Stripe imawerenga madola a ku America m'masenti, moti `amount=1000` ndi madola 10. Koma yeni ya ku Japan ilibe masenti: 1000 ndi mayeni 1000 basi. Ndiye pulogalamu imachulukitsa mtengo ndi 100 pa madola, n'kuilumpha yeni. Kalata ikapanda kunena chifukwa chake, mnyamata watsopano adzafufuta mzere wolumphawo poganiza kuti akukonza, ndipo wogula wa ku Tokyo amene amafuna katundu wa mayeni 1000 adzalipiritsidwa mayeni 100,000.