Ketulo ndi batire la sola sizigwirizana

Ndikamaliza kuika sola pakhomo, ndimayamba kuonetsa banja nambala yolembedwa pa inveta. Ngati ndi mawati 1,000, ketulo ya magetsi iwalani, chifukwa yokha imafuna pafupifupi 2,000. Inveta ikalira n'kuzima, zulani chimene mwalumikiza pomaliza musanaiyatsenso. Filiji imakoka mphamvu zambiri pongoyamba, choncho isayambe limodzi ndi pampu.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi batire. La asidi silifuna kutsika kupitirira theka. Mukamalikama usiku uliwonse mpaka nyale kuzima, limafooka msanga, ndipo mudzaona likudzadza mofulumira n'kuthanso mofulumira. Tchajani mafoni masana dzuwa likuswa mtengo. Kukachita mitambo, wailesi yakanema ipume usiku umenewo kuti batire lidzadze mawa.