Chigafa chimodzi, malipiro awiri: mayi ayambire pati kudandaula?

Pa esiteti ya fodya ku Kasungu, kusiyana kwa malipiro a amayi ndi abambo sikulembedwa poyera. Kumabisala m'kagawidwe ka ntchito. Kusoka ndi kusankha fodya amati ndi ntchito yopepuka, ya amayi, ndipo kawirikawiri imalipidwa ngati ganyu. Kudinda mabelo pa jeke, kusonkhezera moto m'mabalani ndi ukapitawo zimagwera abambo, ndipo n'zimene zimakhala ndi malipiro a pamwezi. Komatu mtengo wa belo ku okushoni ya Chinkhoma umadalira kwambiri diso la wosankha. Akasakaniza magiredi, belo limagwa mtengo kapena kubwezedwa kumene.

Chifukwa china n'chakale. Pa utenanti, mwini esiteti ankapangana ndi bambo yekha, ndipo thukuta la mkazi ndi ana linkalowa m'dzina la bamboyo. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021 posintha lamulo la zantchito, koma chizolowezi cholemba mwamuna m'kaundula n'kumuona mkazi ngati wongothandiza sichinathe tsiku lomwelo. Mayi amene dzina lake silili m'kaundula ayambire pomwepo: alembedwe payekha, azilandira m'manja mwake.

Lamulo silizungulira. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko, komanso gawo 6 la lamulo la zantchito la 2000, lotchedwa Employment Act, amati malipiro akhale ofanana pa ntchito zofanana phindu lake. Sakunena za ntchito za dzina limodzi zokha ayi. Choncho wosankha fodya angathe kudziyerekeza ndi wapajeke, poona luso, khama, udindo ndi malo ogwirira ntchito. Ndipo malipiro si ndalama zokha. Chimanga, nyumba ndi bonasi zimawerengedwanso.

Tiyerekeze kuti mayi wina amalandira K5,000 pa tsiku, pamene bambo amene amakhala naye pa benchi imodzi yosankhira amalandira K6,000. Pa masiku 26 a mwezi kusiyanako ndi K26,000, ndipo pa miyezi inayi yosankha ndi K104,000. Asanapite kwa bwana, mayiyu adzifunse mafunso amene bwanayo adzamufunse. Kodi bamboyo anayamba kale ntchito? Amawonjezera maola? Amasankha fodya wochuluka pa tsiku? Ngati malipiro ali a mgwazo ndipo muyezo ndi umodzi kwa onse, kusiyana kobwera ndi kuchuluka kwa ntchito si tsankho. Koma ngati maola, muyezo ndi zaka zikufanana, ndipo yankho n'lakuti "iyeyu ndi bambo, ali ndi banja," pamenepo lamulo laphwanyidwa.

Umboni ndiwo umavuta, chifukwa m'maesiteti ambiri ndalama zimaperekedwa pamanja. Lamulo limati wolemba ntchito azipereka kapepala kosonyeza malipiro ndi zodulidwa. Mayi akafunse kapepalako n'kukasunga. Kakasowa, kope la sukulu limakwana: tsiku, ntchito, maola, ndalama. Za mnzakeyo azimve kwa mwini wake mwaulemu, osati kusuzumira m'mabuku a kalaliki, poti zimenezo zingamupezetse mlandu wina.

Akatero apemphe kuonana ndi manijala, popeza kapitawo sakhazikitsa malipiro. Asasankhe tsiku lolandira, pamene mitima ili m'mwamba. Apite ndi mnzake kapena nthumwi ya bungwe la ogwira ntchito mu fodya la TOAWUM, ndipo ayambe ndi funso: "Bwana, ndimafuna mundithandize kumvetsa. Pa benchi yathu ntchito ndi imodzi, koma ine ndimalandira K5,000, ena K6,000. Kusiyanaku kwachokera pati?" Funso lotere limakakamiza bwana kutchula chifukwa, ndipo chifukwacho chikatchulidwa chingathe kuyesedwa. Pambuyo pake alembe kalata yaifupi yokhala ndi deti, yopempha kuti malipiro akonzedwe ndi zotsalira zibwezedwe, n'kusunga ina yake.

Zikakanika, dandaulo lipite ku ofesi ya leba pa boma la Kasungu, kumene mkulu wa zantchito amaitana mbali zonse kuti zigwirizane. Kukalephereka kumeneko, nkhani imapita ku khothi la zantchito, Industrial Relations Court, lomwe lili ndi ofesi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Pa mlandu wa malipiro osiyana, wolemba ntchito ndiye ayenera kuonetsa kuti sanalakwire lamulo, ndipo khothi lingalamule chipukuta misozi.

Gawo 57 la lamulo la zantchito lija limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa chodandaula. Chitetezo chimenechi, kunena zoona, n'chofooka kwa wantchito wa nyengo, poti bwana angathe kungomusiya osamuitana chaka chamawa. N'chifukwa chake amayi a chigafa chimodzi amachita bwino kulemba kalata imodzi, onse n'kusainira, fodya akadali pa benchi ndipo manja awo akufunikabe.