Chilembo cha ŵ chikasanduka kabokosi

Womasulira akamaliza ntchito amayenera kusankha: atumize fayilo ya Word, yoti wina atha kuisintha, kapena PDF? Pa Chichewa ndi Chitumbuka nkhaniyi imakula chifukwa cha chilembo chimodzi, ŵ wa kachipewa, monga m'dzina loti Malaŵi kapena m'mawu a Chitumbuka oti ŵanthu.

Fayilo ya Word nthawi zambiri siinyamula fonti, kutanthauza kaonekedwe ka zilembo. Imangosunga dzina la fontiyo. Ikatsegulidwa pa kompyuta yomwe ilibe fontiyo, pulogalamu imaikapo ina, mizere imasuntha, ndipo tsamba limodzi limatha kusefukira pa lachiwiri. PDF yopangidwa bwino imalowetsa fonti m'kati mwake, choncho imaoneka chimodzimodzi pa foni, pa kompyuta ndi kosindikizira. Koma kuikonza n'kovuta, ndipo munthu akakopera mawu kuchokera m'menemo mizere imaduka paliponse.

Tiyerekeze kuti mwamasulira kapepala kolangiza alimi. Munalemba ndi Times New Roman, yomwe ili ndi ŵ, monganso Arial ndi Calibri. Wokonza masamba akutenga mawu anu n'kusankha fonti yokongoletsa ya mitu. Mafonti ambiri otere alibe chilembochi. Pamalo pake pamatuluka kabokosi kopanda kanthu, kapena ŵ wobwerekedwa ku fonti ina, wooneka wowonda pakati pa anzake onenepa. Choopsa kwambiri ndi chakuti wokonzayo, ngati sadziwa chinenerocho, amangochotsa kabokosiko n'kuika w wamba, osauza aliyense.

N'chifukwa chake ine ndimati tumizani zonse ziwiri. Ya Word ikhale yogwirira ntchito, PDF ikhale mboni yosonyeza mmene mawu ayenera kuonekera. Musanatumize, tsegulani PDF mu Adobe Acrobat Reader, muyang'ane `Document Properties`, pa `Fonts`. Fonti iliyonse izisonyeza `Embedded` kapena `Embedded Subset`. Word nayo imatha kunyamula fonti mukasankha `Embed fonts in the file` pa `Options`, gawo la `Save`, ngakhale mafonti ena eni ake salola zimenezi.

Chilembocho chikhale chenicheni, osati w woikidwa kachizindikiro pambali. Mu Word ya pa Windows siyani mpata, lembani `0175` n'kudina `Alt+X`. Chachikulu ndi `0174`. Wokonza masamba akafuna fonti yaulere yodalirika, muuzeni za Noto Sans kapena Gentium, ndipo ayese kaye mawu oti Malaŵi, opendekeka ndi onenepa omwe, pakuti fonti imatha kukhala ndi ŵ pa mtundu umodzi wokha.

Ndipo muumirire kuona PDF yomaliza isanapite kosindikizira. Muwerenge mitu ndi mawu a pansi pa zithunzi choyamba, chifukwa ndi m'malo amenewo momwe fonti imasinthidwa kawirikawiri.