Tebulo liime pansi: kujambula chipinda chimene maso angachikhulupirire

Makalipentala ambiri masiku ano amaonetsa kasitomala chithunzi asanadule thabwa. Ena amajambula ndi pensulo, ena amatenga chithunzi cha mpando pa foni n'kuchimata m'chithunzi cha chipinda chokongola. Kawirikawiri mpandowo umakhala wopangidwa bwino, koma woonayo amamva kuti pali chimene sichili bwino. Tebulo limaoneka ngati likuyandama, sofa n'kukula kufika pakati pa chitseko, ndipo mthunzi umagwera kumene kuli zenera. Munthu amene sanagwirepo pensulo amaziona zimenezi msanga, chifukwa wakhala m'zipinda moyo wake wonse ndipo maso ake amadziwa kutalika kwa tebulo.

Pafupifupi zolakwika zonsezi zimayambira pa chinthu chimodzi chimene wojambula sanasankhe poyamba: maso a woonayo ali pati? Kodi waimirira, kapena wakhala pansi? Yankho lake ndi mzere umodzi wopingasa papepala, umene tiziutcha mzere wa maso. Chilichonse chimene chili pansi pa mzerewu timachiona pamwamba pake, ndipo chimene chili pamwamba pa mzerewu timachiona kunsi kwake. N'chifukwa chake mukaimirira mumaona pamwamba pa tebulo koma simuona pamwamba pa wadirobu.

Tiyeni tijambule chipinda chenicheni. Khoma la kutsogolo kwathu ndi lotambalala mamita 4, lotalika mamita 2.5, ndipo ife taima mamita 5 kuchokera pakhomapo, maso athu ali mamita 1.5 kuchokera pansi. Tengani pepala la A4, muligoneke chopingasa. Pakhoma limeneli mita imodzi ikhale masentimita 4, ndiye khomalo lituluka masentimita 16 m'mbali ndi 10 m'mwamba. Mzere wa maso udutsa masentimita 6 kuchokera m'munsi mwa khoma. Ulembeni mopepuka mpaka kumapeto kwa pepala. Pa mzerewo ikani kadontho, chapakati koma osati pakati penipeni, kuti chipinda chisaoneke chouma. Kenako lembani mizere inayi yochokera m'makona a khoma kubwera kwa inu, uliwonse ukuloza kadontho kaja. Pamenepo mwapeza pansi, denga ndi makoma a m'mbali. Ikaninso chitseko pakhomalo, cha mamita 2, chimene chikhala masentimita 8. Chitseko n'chofunika ngakhale simukuchifuna kwenikweni, pakuti woona aliyense amayesa katundu yense ndi chitsekocho mosadziwa.

Njira ya kadontho imeneyi ndi yakale. Filippo Brunelleschi anaionetsa ku Florence kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, ndipo Leon Battista Alberti anailemba m'buku mu 1435. Johannes Vermeer wa ku Delft, katswiri wa zithunzi za m'zipinda amene anamwalira mu 1675, ankabaya pini pansalu yojambulapo n'kumangirira ulusi woti uzimuwongolera mizere. Tizibowo ta piniyo tikupezekabe pa zithunzi zake zingapo. Inunso mukhoza kuchita chimodzimodzi ngati rula yanu ndi yaifupi.

Tsopano tebulo. Tebulo lodyera limatalika masentimita 75, ndipo maso athu ali pa masentimita 150. Choncho paliponse pamene mwendo wa tebulo ungaponde m'chipindamu, kutalika kwake kukhala theka la mtunda wochokera pomwe wapondapo kukafika pa mzere wa maso. Ili ndiye lamulo lofunika kuligwira m'nkhani yonseyi, chifukwa limagwira ntchito pafupi ndi kutali komwe. Tebulo likakhala logunda khoma, mtundawo ndi masentimita 6, ndiye litalika masentimita 3. Tikalikokera kwa ife mpaka miyendo yakutsogolo itaponda masentimita 10 pansi pa mzere wa maso, litalika masentimita 5. Pamalo omwewo masentimita 10 a papepala akuimira mamita 1.5, choncho tebulo lotambalala mamita 1.2 likhala masentimita 8. Mpando wodyera pokhalira pake pamakhala masentimita 45 kuchokera pansi, ndiye pambali pa mwendo uja pakhala masentimita 3. Chotsamira chake, cha masentimita 90, chifika pa 6, kungopitirira tebulo pang'ono. Wadirobu ya mamita 1.8 yokha ndiyo idutse mzere wa maso.

Chimene chimavuta ndi miyendo yakumbuyo: iponde pati? Apa pali kasamu kakang'ono. Khoma lili mamita 5 kuchokera kwa ife ndipo m'munsi mwake muli masentimita 6 pansi pa mzere wa maso. 5 kuchulukitsa ndi 6 ndi 30. Nambala imeneyi sisintha m'chithunzi chonsechi. Miyendo yakutsogolo yaponda pa masentimita 10, ndiye ili mamita 3 kuchokera kwa ife. Ngati tebulo ndi lamasentimita 75 kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, miyendo yakumbuyo ili mamita 3.75, ndipo 30 kugawa ndi 3.75 ndi 8. Iponda masentimita 8 pansi pa mzere wa maso, pa mizere yolowera ku kadontho kaja, ndipo italika masentimita 4.

Taonani zimene zatuluka. M'mphepete mwa tebulo mwakutsogolo muli masentimita 5 pansi pa mzere wa maso, mwakumbuyo masentimita 4. Pamwamba ponse pa tebulo, pamene pangakwane mbale za nsima za anthu anayi, paoneka ngati kampata ka sentimita imodzi yokha. Wojambula watsopano sakhulupirira zimenezi. Amadziwa kuti tebulo ndi lalikulu, ndiye amalitsegula pamwamba mpaka masentimita atatu kapena anayi, ndipo tebulolo limapendekera kwa woona ngati mbale zitsetsereka. Dzanja limafuna kujambula zimene mutu ukudziwa, pamene chithunzi chimafuna zimene diso likuona. Kapeti, bedi ndi mkeka zimalakwika mwanjira yomweyi. Mukakayikira, talikitsani mizere ya m'mbali mwa chinthucho ndi rula: ikakumana pamwamba pa mzere wa maso, mwatsegula kwambiri.

Mpando woikidwa chopendeka, wosayang'ana khoma mwachindunji, sutsata kadontho ka chipinda. Uli ndi timadontho take tiwiri, kena kumanzere kena kumanja, ndipo nthawi zambiri timagwera kunja kwa pepala. Komabe tonse tiyenera kukhala pa mzere wa maso womwe uja, malinga pansi ndi polingana. Ndipo siyani malo odutsa munthu: mpando wa patebulo umafuna masentimita 75 kapena kuposerapo kumbuyo kwake kuti ukokedwe. Chipinda chimene munthu sangayendemo sichikhulupirika, ngakhale mizere yonse italondola.

Kuwala ndi kumene kumamaliza ntchito, ndipo ine ndimaona kuti ndi kumene ambiri amathamangira kumaliza. Tiike zenera limodzi pakhoma lakumanzere, m'munsi mwake masentimita 90 kuchokera pansi, monga momwe Vermeer ankakondera kuliika kumanzere. Funso loyamba n'lakuti: kodi likulowa ndi dzuwa lenileni, kapena kuwala kwa thambo chabe? Kuno kwathu, kumwera kwa ikweta, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto. Zenera loyang'ana kumpoto limalowetsa dzuwa nthawi imeneyo, pamene loyang'ana kumwera limapereka kuwala kofewa m'miyezi yambiri ya chaka. Mabuku a ku Ulaya amanena zosiyana chifukwa analembedwa mbali ina ya dziko.

Kuwala kofewa n'kumene kumayenera katundu wa m'nyumba. Mithunzi yake imathawa zenera, ikubalalika pang'ono, chifukwa zenera lili pafupi. Mthunzi wa mwendo wa tebulo umayamba wakuda ndi wakuthwa pomwe mwendo wagunda pansi, kenako umafewa n'kuzimiririka usanafike patali. Kadontho kakuda ka pansi pa mwendoko n'kakang'ono, koma ndi kamene kamaimika tebulo pansi. Mukakaiwala, liyandama ngakhale masamu onse ali bwino. Kunsi kwa tebulo kumakhala mdima wotakata wopanda malire akuthwa, wosendera kumanja. Mbali ya mpando yoyang'ana zenera imawala, yoyang'ana kwa ife imakhala yapakatikati, ndipo yakumanja imada. Zinthu zitatu zimenezi zikhale chimodzimodzi pa katundu yense wa m'chipindamo.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiyembekezera: khoma limene lili ndi zenera ndilo lakuda kuposa onse, makamaka m'munsi mwa zeneralo, chifukwa kuwala kumalidutsa osaligunda. Pansi pafupi ndi zenera pamawala kwambiri, ndipo kuwalako kumachepa msanga mukamalowera mkati. Komanso mthunzi wa m'chipinda suda bii, pakuti makoma ndi pansi zimabweza kuwala. M'nyumba ya simenti yopaka polishi wofiira, kunsi kwa tebulo ndi m'munsi mwa makoma oyera mumaoneka kufiirira pang'ono, ndipo miyendo imadzionetsa pansi mosaoneka bwino, molunjika kunsi kwake. Tebulo lopaka vanishi nalonso limaonetsa kuwala kwa zenera ngati kachigamba koyera. Mukasankha dzuwa lenileni, jambulani chigamba chowala pansi chokhala ndi malire akuthwa, ndipo zitsulo za pazenera zionekemo. Mithunzi ya dzuwa siibalalika ngati ija, imayenda mbali imodzi, ndipo dzuwa likakwera madigiri 45 mthunzi umatalika mofanana ndi chinthucho.

Kwa amene amamata zithunzi za pa foni, malamulo ndi omwewa, kungoti kulakwitsa kumachitika pa nthawi yotola chithunzi. Sofa wojambulidwa m'mbali mwa msewu masana, foni italoza pansi, amabwera ndi mzere wake wa maso komanso kuwala kochokera kumwamba, ndipo palibe pulogalamu imene ingamukhazike bwino m'chipinda chojambulidwa munthu atagwada. Jambulani chipinda ndi katundu foni ili pa msinkhu umodzi, tinene mamita 1.2, komanso pa mtunda wofanana ndi umene katunduyo adzakhale m'chipindamo. Foni iime chilili osaweramira kutsogolo, apo ayi makona a makoma apendekeka. Pewani batani la 0.5x, limene limakulitsa zapafupi n'kukoka za m'mbali. Katunduyo muikeni pakhonde kapena pakhomo pa shedi, pamene kuwala kukubwera mbali imodzi, mbali yomwe kuli zenera m'chipinda chija. Mukatha kumata, yesani ndi chitseko: chotsamira cha sofa, cha masentimita 85, chisafike theka la chitseko ngati zonse zili pakhoma limodzi. Kenako onjezani mthunzi wakuda pansi pa mwendo uliwonse, ndi wina wofewa wolowera kutali ndi zenera.